Anyuwiti: pa zinayi izi ndisayine iti?

Bambo a Tadala: Moni nonse pa gulu pano. Ndikupuma pa ntchito mwezi wamawa, ndakwanitsa zaka 65, mayi akunyumba ali ndi 60. Gawo lina la penshoni ndikufuna ndigule anyuwiti kuti ndizilandirako kangachepe mpaka tsiku lomwe Mwini moyo adzandiitane. Ndiye ejenti wabwera ndi kotesheni ya zinthu zinayi akuti ndisankhe sabata yomwe ino. Kuti masamu asativute ndasintha maziro, tingoti ndikupereka 1,000,000 kamodzi. Yoyamba ndi ya moyo wanga ndekha, 76,000 pachaka, ndikapita yatha. Yachiwiri ndi yomweyo koma ili ndi galanti ya zaka 10, 74,000. Yachitatu ndi ya ine ndi mayi, 69,500, ndikatsogola ine iwo azilandira theka mpaka imfa yawo. Yachinayi ndi yanga ndekhanso, imayambira pa 59,500 koma izikwera ndi 3 peresenti chaka chilichonse. Maso anga ali pa 76,000 sindinama. Amene mukuzidziwa izi tandiuzeni, ziwerengerozi amazitenga kuti?

Yohane M: Bambo 76,000 pa 1,000,000 ndi intelesiti ya 7.6 peresenti imeneyo, siyoipa. Ingofananizani ndi yomwe banki ikupereka basi, yomwe ili pamwamba tengani.

NaBanda: Achimwene a Yohane pamenepo mwasakaniza. Ku banki mukadya intelesiti 1,000,000 yanu ija ikadalipo. Apa siibwerera. Mu 76,000 muja muli chiwongoladzanja inde komanso muli ndalama zawo zomwe abambowa apereka, akungowabwezera pang'onopang'ono.

Yohane M: Aaa ndiye kuti akamwalira chaka chamawa ana sapeza kanthu?

NaBanda: Pa yoyambayo ayi, ngakhale kakang'ono.

Mayi a Chisomo: Ndi zimene zinatichitikira ife. Bambo athu anasayina ya mtundu umenewu osauza munthu, anangoona kuti ndiyo ikupereka zambiri. Sanakhalitse, anadwala nkutisiya. Mayi atapita ku kampaniyo ndi zikalata anangouzidwa kuti pepani mgwirizano unathera pa maliro. Mpaka lero mayi akamva mawu oti inshuwalansi amalavula. Kwa ine kumeneku nkuba kovala taye, bambo a Tadala musayerekeze.

aMbewe: Pepani kwambiri mayi a Chisomo, nkhani ngati yanuyi ndaionapo kangapo pa zaka zomwe ndinagwira ntchito ya inshuwalansi ndipo imawawa. Koma ndalama za bambo anu sizinangolowa m'thumba mwa kampani zonse. Kampani simawerengera munthu mmodzi, imawerengera gulu. Tingoti anthu 1,000 a zaka 65 aliyense wapereka 1,000,000 yake. Kampani sidziwa kuti ndani ayambe kupita koma imadziwa bwino ndithu kuti chaka chilichonse pagulupo pazichoka anthu angati. Zotsala za amene apita msanga ndi zomwe zimalipira agogo amene afika zaka 95, amene zawo zinatha kalekale. Popanda zimenezo palibe angalonjeze munthu kuti ndizikulipirani mpaka imfa. Cholakwika pa nkhani ya bambo anu nchakuti anagulitsidwa ya munthu mmodzi ali ndi mkazi owadalira, ndipo zikuoneka kuti palibe anawafunsa funso limenelo.

Tsono bambo a Tadala, 76,000 yanuyo tiyeni tiipange tokha muone. Zinthu zikuluzikulu ndi zitatu. Choyamba akuganiza kuti mukhala zaka zingati. Tingoti ma tebulo awo akuti munthu ngati inu akhala zaka 20 zina. Bwenzi atangogawa 1,000,000 mu zaka 20 mukanalandira 50,000 pachaka basi. Koma ndalama yanu siikhala mu sefa, amakagula ma bondi a boma ndi a makampani akuluakulu, a nthawi yaitali, kutanthauza kuti amawakongoza ndalamayo pa chiwongoladzanja, ndiye pomwe akukulipirani yotsalayo ikubereka. Chimenecho ndi chachiwiri. Ikamabereka 5 peresenti, kuti alipire 1 chaka chilichonse kwa zaka 20 safunika kukhala ndi 20 lero, amangofunika 12.46. Chachitatu amayamba achotsa zawo, komishoni ya ejenti, malipiro a antchito, phindu, ndi kena kosungira poopa kuti mwina anthu akhalitsa kuposa mmene amaganizira. Tingoti achotsa 50,000, kwatsala 950,000. Gawani 950,000 ndi 12.46 mupeza 76,000 ndi timakobiri pamwamba. Zaka 20, 5 peresenti ndi 50,000 ndangoziika ine kuti zigwirizane ndi pepala lanu, ndipo akichuwale weniweni, katswiri wa masamu a inshuwalansi, sadula pa zaka 20 chonchi, amawerengera mwayi woti mukhala muli moyo chaka ndi chaka mpaka kupyola 100 nkuphatikiza. Koma mafupa ake ndi amenewa.

Bambo a Tadala: Zikomo aMbewe, ndayesa pa foni yatulukadi 76,244. Koma zaka 20 zo sakundinyengerera? Ndikafika 85 ine?

Yohane M: Ndi pomwe amatibera pamenepo. Mukamva ziwerengero za zaka zomwe anthu amakhala ndi moyo m'maiko ambiri sizifika 85 ayi. Iwo amaika zambiri dala kuti akupatseni zochepa.

aMbewe: Mwalasa theka a Yohane. Nzoona kuti akaonjezera zaka malipiro amatsika ndipo kampani imakonda kulakwitsa cha mbali yomwe ikuiteteza. Koma chiwerengero chomwe mumamva pa wailesi chija ndi cha mwana wobadwa lero, ndipo chimatsitsidwa ndi makanda omwe amamwalira, ngozi za achinyamata, matenda a pakati apa. Munthu amene wafika kale 65 zonsezo wazidumpha, zaka zomutsalira amaziwerengera kuyambira pomwe waimapo. Kuonjezera apo amene amagula anyuwiti si anthu wamba onse. Munthu amene dokotala wamuuza kuti zinthu sizili bwino sapita kukapereka ndalama zake zonse ku kampani. Amapita ndi amene akudzimva mphamvu, amene makolo awo anakalamba mpaka kuyenda ndi ndodo. Makampani anazindikira kale zimenezi ndiye ali ndi ma tebulo apadera a ogula anyuwiti, omwe amaonetsa moyo wautali kuposa wa anthu onse.

Kondwa88: kkkk nkhani ya kukhalitsa yandikumbutsa agogo aja a ku France, Jeanne Calment. Mu 1965 ali ndi zaka 90 loya wina anagwirizana nawo kuti aziwapatsa ndalama mwezi ndi mwezi mpaka imfa kenako atenge nyumba yawo. Loyayo anamwalira mu 1995 agogo akadali gwa, banja lake linapitiriza kulipira mpaka agogo anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122

aMbewe: Eya, iyeyo anabetcha pa munthu mmodzi. Kampani ikakhala ndi anthu zikwizikwi agogo amodzi otere saigwetsa. Chomwe imaopa ndi gulu lonse kukhalitsa limodzi.

NaBanda: Ine ndibwerere kwa mayi akunyumba chifukwa ndikuona ngati tikuwasiya m'mbuyo. Bambo a Tadala, mayiwo ali ndi penshoni yawoyawo?

Bambo a Tadala: Alibe. Amachita tibizinesi koma si todalira. Nchifukwa chake ndimaganiza yachiwiri ija, ya galanti. Ndingotaya 2,000 pachaka koma ndikapita iwo atetezeka.

NaBanda: Atetezeka mpaka liti? Galanti imayamba kuwerenga tsiku lomwe mwasayina osati tsiku lomwe mwamwalira. Mukapita patatha zaka 8 mayi alandira zaka ziwiri zotsalazo, 148,000, basi kwatha, ali ndi zaka 70. Mukapita patatha zaka 11 salandira kalikonse. Ndipo iwo ndi ang'ono kwa inu ndi zaka zisanu, komanso azimayi kawirikawiri timakhalitsa kuposa inu azibambo, mwina adzakhala okha zaka khumi kapena kupyola apo. Galanti ikutchipa chonchi chifukwa kampani ikudziwa kuti ambiri a msinkhu wanu adutsa zaka 10 zo ali moyo, ndiye nthawi zambiri siilipira kanthu kapadera.

Bambo a Tadala: Mmm. Ejenti sananene choncho, anangoti banja lanu likhala lotetezedwa kwa zaka khumi. Ine ndinamva ngati zaka khumi ine nditapita.

Mayi a Chisomo: Mwaona? Ndi mmene amayankhulira.

aMbewe: NaBanda anena zoona. Ndipo yachitatuyo mtengo wake mutha kuuonanso ndi masamu omwe aja. Pano kampani ikuyang'ana miyoyo iwiri ndipo isiya kulipira pokhapokha nonse mutapita. Tingoti akuganiza kuti mayi adzakhala zaka 8 inu mutatsogola. Zaka 20 zolipira zonse, kenako 8 zolipira theka, 12.46 ija imakwera kufika cha m'ma 13.68. Gawani 950,000 ndi 13.68 mupeza pafupifupi 69,500 yomwe ili pa pepala lanu. Ndiye mukutaya 6,500 pachaka muli moyo kuti mayi adzalandire 34,750 chaka chilichonse mpaka tsiku lawo, kaya afike 75 kaya 100. Funso lomwe ine ndikanafunsa pakhomo ndi lakuti 34,750 iwakwanira? Munthu akatsala yekha ndalama zoyendetsera nyumba sizitsika ndi theka ayi, denga ndi lomwelo, magetsi ndi omwewo, mankhwala ndiye amachita kuchuluka. Apempheni akupatseninso kotesheni yoti mayi azidzalandira magawo awiri mwa atatu ndi ina yoti azidzalandira yonse. Ya yonseyo pa masamu athuwa ingagwere cha m'ma 64,000.

Gift wa ku shopu: Pepani ndalowa mochedwa. Ineyo ndili nayo kale imeneyi, ndimadula mwezi uliwonse ndipo anati ndikamwalira ana alandira ndalama zambiri kamodzi. Ndiye sindikumvetsa mukuti ana salandira bwanji

NaBanda: Yanuyo ndi inshuwalansi ya moyo achimwene, ina imeneyo. Inu mukupereka pang'onopang'ono kuti mukafa msanga ana apeze. Abambowa akupereka kamodzi kuti akakhalitsa ndalama isawathere.

Gift wa ku shopu: Ooo chabwino, ndangokhala phee ndiziwerenga

Kondwa88: Koma nonse mukukamba za imfa palibe akukamba za kukwera mitengo kwa zinthu. 76,000 ya lero si 76,000 ya zaka 15 zikubwerazi. Zinthu zikamakwera ndi 5 peresenti pachaka, pakatha zaka 14 ndalama yanu ikugula theka la zomwe ikugula lero. Zikamakwera ndi 10 ndiye zaka 7 zokha. Ine bwenzi nditatenga yachinayi osaganiza kawiri

Yohane M: Yachinayi ndiye mwayamba ndi kutaya 16,500 chaka choyamba chomwe. Mudzaibweza liti?

aMbewe: Tiyeni tiwerenge. 59,500 ikamakwera ndi 3 peresenti, chaka cha 9 ili pa 75,400, chaka cha 10 ndi pomwe ikudutsa 76,000. Koma kudutsa pa chaka chimodzi si kubweza zomwe munataya m'mbuyo monsemo. Mukaphatikiza zonse zomwe mwalandira, yachinayi imaipeza yoyamba cha m'chaka cha 17, abambowa ali ndi zaka 82. Ndiye a Yohane ali ndi mfundo, amene sakhalitsa waluza. Koma a Kondwa alinso ndi mfundo chifukwa zaka zomwe yachinayi ikupambana ndi zomwe munthu sangathenso kugwira ganyu iliyonse. Chenjezo langa ndi lina. 3 peresenti imeneyi ndi yokhazikika, siitsatira mitengo. Zinthu zikakwera ndi 12 inu mukwera ndi 3 yomweyo. Ilipo ina yomwe imatsatiradi chiwerengero cha boma cha kukwera mitengo koma si makampani onse amagulitsa, imayambira pansi kwambiri, ndipo nthawi zina amaika malire oti sangakweze kupyola apa. Ilinso ina yomwe kukwera kwake kumadalira bonasi yomwe kampani yalengeza chaka chimenecho, imeneyo funsani kuti chomwe akulonjeza ndi chiti, chomwe akungoyembekezera ndi chiti.

Kondwa88: Ndikuvomera koma 3 ndi bwino kuposa 0

Yohane M: Kapena mutenge 76,000 muzisunga 16,500 yo nokha

NaBanda: kkkk a Yohane inu munasungapo ndalama zaka 17 ana akudziwa kuti ilipo?

Bambo a Tadala: Pamenepo NaBanda mwandigwira. Koma chinanso, bwanji ejenti akundithamangitsa? Akuti kotesheni itha Lachisanu.

aMbewe: Kutha kwa kotesheni si bodza. Mtengo umatsatira ma bondi ndipo ma bondi amasintha tsiku ndi tsiku, ndiye kampani imangogwira chiwerengero kwa masiku kapena masabata ochepa. Onani mmene zimakhudzira. Pa 5 peresenti tinapeza 76,000. Ma bondi atati atsike kufika 3 peresenti, munthu yemweyo, ndalama yomweyo, zaka 20 zomwezo, angalandire pafupifupi 64,000. Ndipo chomwe mwasayina tsiku limenelo ndi chomwe mukhale nacho moyo wonse, chiwongoladzanja chikadzakwera mawa simudzaonjezeredwa. Nchifukwa chake ena amagula theka lero theka patsogolo, popezanso munthu akamakula malipiro amakwera chifukwa zaka zotsala zachepa. Koma kotesheni ikatha amangotulutsa ina, mwina yotsikirako mwina yokwererako. Lachisanu si chifukwa chosayinira chinthu chomwe simungadzachibweze. Chifukwa chenicheni chomwe akuthamangira mwina ndi komishoni, mufunseni poyera kuti iyeyo apeza zingati ndipo zikuchokera pati.

Mayi a Chisomo: Simungachibweze zoona? Ngakhale munthu atadwala akufuna ndalama ya chipatala?

aMbewe: Nthawi zambiri ayi mayi. Malamulo a m'maiko ambiri amapereka masiku ochepa oti munthu asinthe maganizo atangosayina, akatha amenewo chitseko chatsekedwa. Simungapite kukati ndipatseni yotsala. Ndiye afunse kuti masikuwo ndi angati, akuyambira liti, ndipo akasintha maganizo ndalama ibwerera kuti. Ndipo asaike zonse, ina ikhale pomwe angaitenge pakagwa zadzidzidzi.

NaBanda: Nkhani ya kudwala yandikumbutsa. Bambo a Tadala thanzi lanu lili bwanji, ngati simukuona vuto kunena?

Bambo a Tadala: Shuga ndi magazi othamanga, ndimamwa mankhwala tsiku lililonse. Pa fomu sanafunse ndipo ine ndinati bola, angandikanize.

aMbewe: Ayi bambo apa zimayenda chobwerera. Pa inshuwalansi ya moyo matenda amakweza mtengo, koma pa anyuwiti matenda ali mbali yanu chifukwa kampani ikuona kuti mwina ikulipirani zaka zochepa. Makampani ena ali ndi anyuwiti ya anthu odwala kapena osuta fodya yomwe imalipira zambiri, amafuna lipoti la dokotala ndi mndandanda wa mankhwala. Si onse ali nayo. Koma ngati fomu sinafunse za thanzi ndiye kuti akuwerengerani ngati munthu wangwiro, ndipo ngati thanzi lanu lili chonchi nkhani ya mayi ija ikukulirakulira. Pitani ku makampani ena awiri kapena atatu ndi mafunso ofanana ndendende, zaka zomwezo, galanti yomweyo, theka lomwelo, apo ayi mukhala mukufananiza zinthu zosiyana. Onaninso ngati onse akulipira kumayambiriro kwa mwezi kapena kumapeto, ndiponso ngati chiwerengerocho msonkho achotsa kale kapena ayi.

Yohane M: Ndiye amene wapereka zambiri ndi ameneyo basi

Kondwa88: Nanga kampaniyo ikagwa? Zaka 25 ndi zambiri

aMbewe: Funso labwino ndipo yankho lake si losangalatsa kwenikweni. Zimachitika. Equitable Life ya ku Britain inayamba mu 1762, inali kampani yolemekezeka kwambiri, koma inalonjeza anthu mitengo ya anyuwiti yokhazikika nthawi yomwe chiwongoladzanja chinali pamwamba. Chitatsika, anthu nkumakhalitsanso, malonjezo aja anailemera ndipo mu 2000 inasiya kulandira makasitomala atsopano, ambiri anadulidwa zomwe amayembekezera. Ndiye a Yohane, kampani ikapereka zambiri kuposa anzake onse ine ndimayamba ndafunsa kuti chifukwa chiyani. Onani ngati ili ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira za inshuwalansi, ndipo funsani ngati kwanuko kuli thumba lomwe limalipira anthu kampani ikagwa komanso limafika pati, poti maiko ena ali nalo ena alibe. Nkhani yomweyi ili ndi mbali ina yokomera inu bambo a Tadala. Mapenshoni ena akale ali ndi lonjezo lotero m'kati, loti popuma adzakugulitsani anyuwiti pa mtengo wakutiwakuti. Musanasamutse ndalama funsani komwe kuli penshoni yanu ngati lilipo, chifukwa mukachoka nalo limafa.

NaBanda: Ine ndionjezere za mayi zomwe anthu amaiwala. Dzina lawo lilembedwe pa mgwirizano monga liliri pa chiphaso chawo, ndi tsiku lobadwa lolondola chifukwa mtengo wawerengeredwa pa zaka zawo. Funsani ngati akulipira munthu amene watchulidwa dzinayo kapena aliyense amene adzakhale mkazi wanu pa tsiku la imfa, zimasiyana. Funsaninso kuti mayi akatsogola iwo, yanu ikhala 69,500 yomweyo kapena itsika, poti ina imatsika aliyense mwa awiriwo akapita. Ndipo mayiwo adziwe komwe kuli mapepala ndi zomwe adzafunike kupita nazo. Makampani ambiri amafunanso umboni nthawi ndi nthawi woti mukadali moyo, mukaiwala kutumiza amaimitsa malipiro.

Bambo a Tadala: Nanga sizingatheke kuphatikiza? Ya ine ndi mayi, yokwera chaka ndi chaka, ndi galanti pamwamba?

aMbewe: Zimatheka, koma chilichonse chomwe mwaonjezera chimadya pa chiwerengero choyambira, mutha kupezeka muli cha m'ma 50,000 ndi kenakake. Ndipo mukaphatikiza galanti ndi ya mayi pali kafunso kena. Mukapita m'kati mwa galanti, mayi alandira zotsala za galanti ndi theka lawo nthawi imodzi, kapena theka lawo lidikira galanti ithe kaye? Zonse ziwiri zilipo pa msika ndipo mitengo yake ndi yosiyana. Aliyense amene akuyankhani, muuzeni akuonetseni mzere wake pa chikalata, za pakamwa sizidzathandiza mayi.

Mayi a Chisomo: Ine ndamva zonse koma mtima wanga sunasinthe. Ndalama yomwe sindingaisiyire ana ine ayi.

Kondwa88: Nanga mukafika 90 ndalama itatha, si ana omwewo adzakusungeni?

Mayi a Chisomo: Adzandisunga, ndinawasunga nanenso.

Bambo a Tadala: Ndamuimbira ejenti ndamuuza kuti Lachisanu sindisayina. Ndapempha ya ine ndi mayi pa theka, pa magawo awiri mwa atatu ndi pa yonse, iliyonse yokwera ndi yosakwera, komanso ndamuuza za shuga. Wati za matendazo akafunse kaye ku ofesi. Pa yokwera ndi yosakwera ndiye sindinaganize, mayi akuti yokwera ine ndikuona 59,500 ija kuchepa. aMbewe mapepala akabwera ndiwaika pano mundionere mzere wa galanti uja.

aMbewe: Ikani koma mufufute maina ndi manambala a akaunti kaye. Mundionetsenso tsamba lomwe alemba komishoni.